Zenoni-135: chifukwa chimene riyakita yozima imakanira kuyaka kwa maola ambiri

Riyakita ya nyukiliya ikazima mwadzidzidzi, oyendetsa amafufuza chimene chaizimitsa, koma diso lina limakhala pa wotchi. Vuto likhoza kukhala laling'ono, monga chipangizo choyezera chomwe chapereka chenjezo labodza, ndipo amisiri akhoza kulikonza m'maola atatu. Komabe pa mitundu ina ya riyakita maola atatuwo amakhala atachuluka kale. Makina onse ali bwinobwino, yureniyamu alimo wokwanira, ndodo zowongolera zatulutsidwa mpaka pomalizira, koma riyakita siyaka. Imafunika kudikiridwa mpaka mawa lake, mwinanso kupitirira. Chimene chaitsekereza ndi zenoni-135, mpweya umene riyakita imadzipangira yokha, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti mpweyawu umachuluka kwambiri riyakita itazima kale.

Kuti izi zimveke tiyambe ndi mmene riyakita imayendera. Atomu ya yureniyamu-235 ikagundidwa ndi nyutuloni, kanthu kakang'ono kochokera mkati mwa atomu, imasweka pakati, n'kutulutsa kutentha pamodzi ndi manyutuloni atsopano awiri kapena atatu. Kuti mphamvu ikhale pa mlingo umodzi, pa manyutuloni atsopanowo imodzi yokha iyenera kukaswa atomu ina. Otsalawo amathawira kunja kapena kumezedwa ndi zinthu zina, monga madzi, zitsulo ndi ndodo zowongolera. Ndodozi zimapangidwa ndi zinthu zomeza manyutuloni, monga boroni kapena kadimiyamu. Zikalowetsedwa mkati mphamvu imatsika, zikatulutsidwa imakwera. Choncho chilichonse chatsopano chomwe chayamba kumeza manyutuloni chimagwira ntchito ngati ndodo ina yomwe palibe amene wailowetsa, ndiponso palibe amene angaitulutse.

Zenoni-135 ndi mmodzi mwa zidutswa zotsala yureniyamu akasweka, ndipo pa kumeza manyutuloni oyenda pang'onopang'ono palibe chodziwika chomwe chimamuposa. Mwayi woti nyutuloni yotere imezedwe ndi atomu imodzi ya zenoni-135 ndi waukulu kuposa ka 4,000 poyerekeza ndi mwayi woti iswe atomu imodzi ya yureniyamu-235. N'chifukwa chake zenoni wochepa zedi, wosakwana n'komwe kilogalamu imodzi m'riyakita yokhala ndi matani ambirimbiri a yureniyamu, amatha kulamulira zochitika.

Nkhani yonse yagona pa kumene zenoniyu amachokera. Wobadwa mwachindunji pamene atomu yasweka ndi wochepa kwambiri, pafupifupi maatomu atatu pa kusweka 1,000 kulikonse. Wochuluka amabwera mozungulira. Pa kusweka 100 kulikonse, pafupifupi 6 kumabala teluriyamu-135 kapena ayodini-135. Teluriyamuyo sakhalitsa, m'masekondi ochepa amasanduka ayodini-135. Ayodini-135 samasamala za manyutuloni, sawameza kwenikweni, amangokhala phee n'kumasanduka zenoni pa liwiro lakelake: maola 6.6 aliwonse theka la ayodini amene alipo limakhala litasanduka zenoni. Liwiro limeneli silisintha ndi kutentha, ndi ndodo, kapena ndi china chilichonse chimene woyendetsa angachite.

Zenoni naye amachoka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yachilengedwe: maola 9.1 aliwonse theka lake limasanduka siziyamu-135, amene sameza manyutuloni ambiri. Yachiwiri ndi kumeza nyutuloni komweko. Atomu ya zenoni-135 ikameza nyutuloni imasanduka zenoni-136, amene alibe vuto lililonse. Akatswiri amati zenoni wapsa. Pa riyakita yomwe ikuyenda ndi mphamvu zonse, njira yachiwiriyi ndi imene imachotsa zenoni wambiri.

Taganizirani matanki awiri, ina pamwamba pa inzake. Yapamwamba ndi ya ayodini, ndipo imadzazidwa ndi kusweka kwa yureniyamu. Imadonthezera m'thanki yapansi, ya zenoni. Yapansiyo ili ndi mipopi iwiri yotulutsira: waung'ono womwe sutsekedwa, ndi waukulu womwe umatseguka molingana ndi mphamvu ya riyakita. Riyakita ikayenda pa mphamvu imodzi kwa masiku awiri kapena kuyandikira pamenepo, zolowa ndi zotuluka zimafanana ndipo madzi amaima pa mlingo umodzi m'matanki onse. Tsopano zimitsani riyakita. Madzi asiya kulowa m'thanki yapamwamba, inde, koma thankiyo ndi yodzaza ndipo ikudonthezabe monga kale. Mpopi waukulu wa thanki yapansi watsekeka nthawi yomweyo. Chotsatira chake n'chodziwikiratu: thanki yapansi iyamba kudzaza, ndipo idzasiya pokhapokha yapamwamba itaphwa mokwanira.

Tiyeni tiike manambala, chifukwa ndi pamene kukula kwa vutoli kumaonekera. Titenge riyakita yomwe yayenda ndi mphamvu zonse kwa sabata, ndipo zenoni amene alimo timutche 100. Tinene kuti manyutuloni ndi ochuluka moti pa zenoni asanu aliwonse ochoka, anayi amapsa ndipo mmodzi amatha yekha. Pa riyakita yotere ola lililonse pamalowa zenoni pafupifupi 38 ndipo pamachoka 38. Mwa olowawo, 36 amachokera ku ayodini ndipo 2 okha ndi obadwa mwachindunji. Mwa ochokawo, 30 amapsa ndipo 8 amatha okha. Ayodini amene akudikira pa mzere ndi pafupifupi 340, kuposa katatu zenoni amene alipo.

Riyakita ikazima, 2 obadwa mwachindunji aja atha, ndipo 30 opsa aja athanso. Zatsala n'zakuti 36 akulowa ndipo 8 akuchoka. Pakatha ola limodzi zenoni wafika 126. Pakatha maola awiri wafika 146, pakatha anayi 175. Kukwerako kumayamba kuchepa mphamvu chifukwa ayodini akutha ndipo zenoni wochulukayo akuthanso mochuluka, mpaka pakati pa ola la 8 ndi la 9 pamene zolowa ndi zochoka zimafanana. Pamenepo zenoni ali pa 195, pafupifupi kawiri mlingo wake wa masiku onse. Kutsika kwake n'kochedwa kuposa kukwera. Pakatha tsiku lathunthu akadali pa 117, ndipo amabwerera pa 100 pokhapokha patatha maola 27. Pa masiku awiri ali pa 27, pa masiku atatu watsala 5 yekha. N'chifukwa chake oyendetsa amawerengera kuti riyakita yomwe yakhala yozima masiku atatu ilibenso zenoni.

Manambala amenewa ndi a riyakita ya chitsanzo chathu chokha. Pa riyakita ya manyutuloni ochuluka kuposa pamenepa, zenoni wa masiku onse sakwera kwambiri, chifukwa akuchuluka kupangidwa koma akuchulukanso kupsa. Ayodini ndiye amakwera molingana ndi mphamvu popanda chomuletsa. Zotsatira zake n'zakuti nsonga ya pambuyo pa kuzima imatalika kwambiri, kufika kanayi kapena kupitirira, ndipo imachedwerako kufika. Koma ngakhale manyutuloni achuluke bwanji, nsongayo sichedwa kupitirira maola 11 kapena pang'ono pamwamba pake, popeza malirewo amaikidwa ndi maola 6.6 ndi 9.1 aja. Riyakita yaing'ono yofooka, ngati zina zophunzitsira, ilibe nsonga yotere n'komwe.

Funso loti riyakita iyaka kapena ayi limadalira zomwe oyendetsa asunga m'manja. Riyakita iliyonse imakhala ndi manyutuloni apadera amene amamezedwa dala ndi ndodo kapena ndi boroni, ndipo zenoni akakwera oyendetsa amamasula ena mwa iwo pochotsa zomezazo. Tinene kuti pa chitsanzo chathu, akatulutsa zonse zimene malamulo amalola, angagonjetse zenoni mpaka pa 150. Zenoni amadutsa 150 patangopita maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo amabwerera pansi pa 150 pa ola la 19. Apa ndiye pali khomo lopapatiza. Akapeza vuto, n'kulikonza, n'kuyatsa riyakita ndi kukweza mphamvu asanathe maola awiri, manyutuloni ayambanso kupsereza zenoni ndipo nsonga ija sifika. Akachedwa ndi theka la ola lokha, adikira maola pafupifupi 17, ndipo palibe batani, mankhwala kapena luso limene lingafupikitse nthawiyo. A ku Russia anautcha mkhalidwewu dzenje la ayodini, poloza kumene zenoniyo akuchokera.

Si kuzima kotheratu kokha kumene kumachita izi. Kutsitsa mphamvu kumabweretsa zomwezo, kungoti mocheperako. Riyakita yathu ikatsitsidwa mwachangu kuchoka pa mphamvu zonse kufika pa theka, kupsa kwa zenoni kumatsika kuchoka pa 30 kufika pa 15 pa ola, pomwe ayodini akubweretsabe 36. Zenoni amakwera mpaka pafupifupi 129 patatha maola asanu, amabwerera pa 100 pa ola la 20, ndipo pamapeto pake amakhazikika pa 83, mlingo woyenera theka la mphamvu. Taonani mmene izi zimasokonezera munthu wosazolowera. Watsitsa mphamvu, ndipo kwa maola asanu riyakita ikufuna kutsikirabe yokha, moti ayenera kumatulutsa ndodo kuti ingokhala pomwepo. Kenako zinthu zitembenuka, riyakita ikufuna kukwera yokha, ndipo ndodo zija ayenera kuzibwezera mkati pang'onopang'ono kwa tsiku lathunthu.

Kukula kwa khomo lija kumasiyana ndi mtundu wa riyakita, ndiponso ndi msinkhu wa yureniyamu amene alimo. Mariyakita a madzi opanikizidwa, monga awiri a ku Koeberg pafupi ndi Cape Town, amaikidwa yureniyamu wokwanira chaka ndi miyezi, ndipo mphamvu yowonjezerayo amaiphimba posungunula asidi wa boroni m'madzi ozizirira. Yureniyamu akadali watsopano boroni amakhala wambiri, choncho zenoni akakwera oyendetsa amathira madzi opanda boroni n'kusungunula, ndipo riyakita imayaka ngakhale pa nsonga penipeni. Chakumapeto kwa ulendo boroni amakhala atatsala pang'ono kutheratu. Chosungunula chachepa, ndiponso kuchotsa wotsalayo kumafuna madzi ambiri ndi nthawi yaitali. Riyakita yomweyo imene miyezi khumi yapitayo ikanayaka popanda vuto, tsopano ikhoza kukakamizidwa kudikira.

Mariyakita a CANDU a ku Canada ali pa mpanipani woposa. Amagwiritsa ntchito yureniyamu wachilengedwe wosawonjezeredwa mphamvu, ndipo amasinthidwa mafuta ake riyakita ikuyenda, motero sasunga manyutuloni apadera ambiri. Ali ndi ndodo zina zimene zimakhala mkati nthawi zonse ndi cholinga choti zidzatulutsidwe pa nthawi ngati imeneyi, koma zimangogula pafupifupi theka la ola. Likadutsa, riyakita imakhala chizimire kwa tsiku ndi theka. Pofuna kupewa zimenezi, magetsi akasowa kopita chifukwa cha vuto la pa mawaya kapena la thabaini, makina amene nthunzi imawazunguza kuti apange magetsi, oyendetsa sazimitsa riyakita. Amaitsitsa kufika pafupifupi pa 60 peresenti n'kumatayira nthunzi kwina, kuti manyutuloni apitirize kupsereza zenoni.

Kodi woyendetsa amadziwa bwanji kuchuluka kwa zenoni? Palibe chipangizo chimene chimamuyeza mwachindunji, popeza ali wotsekeredwa mkati mwa timachubu ta yureniyamu. Amawerengetsera kuchokera ku mbiri ya mphamvu ya masiku awiri kapena atatu apitawo, ndipo kompyuta ya pamalopo imachita zimenezi mosalekeza. Zizindikiro zooneka n'zakuti mphamvu kapena kutentha kwa madzi kumatsetsereka pang'onopang'ono popanda wina kukhudza kanthu, ndipo ndodo zimafunika kusunthidwira mbali imodzi kwa maola angapo. Asanayatse riyakita, amawerengeratu malo amene ndodo ziyenera kufika kuti kusweka kuyambe kudziyendetsa kokha, ndipo kuwerengako kumakhala kwa ola lotchulidwa, chifukwa ola lililonse yankho limasintha. Riyakita ikayamba kuyaka ndodo zisanafike pafupi ndi malowo, kapena zikadutsa malowo iyo ili chete, lamulo n'loti ndodo zibwezeredwe ndipo kuwerengako kuonedwenso.

Mbali yotsika ya nsonga ija ili ndi msampha wake. Riyakita yomwe yazima mothandizidwa ndi zenoni imayandikira kuyaka yokha pamene zenoniyo akutha, choncho oyendetsa sawerengera zenoni ngati chitetezo chokhalitsa. Amawonjezera boroni nthawi isanakwane. Ndiponso riyakita ikayatsidwa zenoni akadali wambiri, mphamvu ikamakwera zenoni amapsa msanga, ndipo akamapsa mphamvu imafuna kukweranso. Liwiro lake ndi la mphindi ndi maola, osati masekondi, motero woyendetsa wodziwa amakwanitsa kulowetsa ndodo moyenera. Chofunika n'chakuti ndodozo zikhale pa malo pomwe zikasuntha pang'ono zimveke.

Khalidwe la zenonili linadziwika koyamba mu Seputembala 1944 pa riyakita yotchedwa B ku Hanford, m'chigawo cha Washington ku America. Itayatsidwa koyamba inayenda bwino kwa maola ochepa, kenako mphamvu inayamba kutsika mpaka inazima yokha. Patapita maola angapo inadzukanso, n'kudzazimanso. Katswiri wa sayansi John Wheeler anaona kuti kuchedwa kwa kuzima ndi kuchedwa kwa kudzuka kukusonyeza zinthu ziwiri, kholo losameza manyutuloni ndi mwana womeza, ndipo nthawi zake zinagwirizana ndi ayodini-135 ndi zenoni-135. Chinapulumutsa riyakitayo n'chakuti mainjiniya a kampani ya DuPont anali ataika machubu 2,004 pomwe pulani yoyamba inkafuna 1,500. Atadzaza onsewo ndi yureniyamu, manyutuloni anakwanira kugonjetsa zenoni.

Ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, nkhani ya zenoni imasimbidwa kawirikawiri molakwika, ndiye ndi bwino kuitsata bwinobwino. Pa 25 Epulo 1986, itangopitirira 1 koloko usiku, oyendetsa anayamba kutsitsa riyakita yachinayi kuchoka pa mamegawati 3,200 a kutentha pokonzekera kuyesa thabaini. Itafika pa theka, zenoni anakwera monga taonera, ndipo m'mawa wa tsikulo ndodo zotsala mkati zinachepa kwa kanthawi. Masana oyang'anira magetsi ku Kiev anapempha kuti asatsitsenso, ndipo chilolezo chinabwera cha m'ma 11 koloko usiku. Pofika nthawiyo nsonga yoyamba ija inali itadutsa. Koma kutsitsa kwachiwiri kunayambitsa ina. Cholinga chinali kuima pakati pa mamegawati 700 ndi 1,000, koma pa 00:28 pa 26 Epulo mphamvu inagwa mpaka pafupifupi 30. Ayodini wa theka la mphamvu anali akusandukabe zenoni, ndipo womupsereza panalibe.

Oyendetsa anasankha kuikoka riyakita kuti ituluke m'dzenjemo. Anatulutsa ndodo zambiri mwa 211 zimene zinalipo, ndipo cha m'ma 1 koloko anafika pa mamegawati 200. Malamulo ankafuna kuti mkati mukhale mphamvu yomeza yofanana ndi ndodo zosachepera 15, koma kuwerenga kwa pambuyo pake kunasonyeza kuti munatsala 6 mpaka 8. Zenoni sanaphulitse riyakitayo. Chimene anachita ndi kuchititsa kuti ndodo zikhale pamwamba, kutali ndi pakati. Zotsalazo zinali zolakwika za kapangidwe ka mtundu wa riyakita umenewu, wotchedwa RBMK. Madzi ake akasanduka nthunzi mphamvu inkakwera m'malo motsika, ndipo kuchepa kwa ndodo mkati kunkakulitsa khalidwe limeneli. Komanso kunsi kwa ndodo zambiri kunali chidutswa cha girafaiti, chomwe ndodo ikayamba kutsika kuchokera pamwamba penipeni chinkakankha madzi a pansi n'kuwonjezera mphamvu kumeneko kwa masekondi oyamba. Pa 01:23:40 batani lozimitsa la AZ-5 linadinidwa, ndodo zinayamba kutsika pamodzi, ndipo m'masekondi ochepa riyakita inaphulika. Lipoti la 1992 la akatswiri a IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya, lotchedwa INSAG-7, linachotsa mbali yaikulu ya mlandu pa oyendetsa n'kuiika pa kapangidweka, ndipo linanena kuti iwo sanauzidwe kuti chiwerengero cha ndodo chija chinali nkhani ya chitetezo.

Ine ndimaona kuti cholakwa chosankha kuikoka riyakita pambuyo pa 00:28 chiyenera kutchulidwabe, ngakhale mlandu waukulu uli pa opanga. Riyakita imene yagwera m'dzenje la zenoni imasiya njira ziwiri zokha, kudikira kapena kuwononga ndodo zomwe zasungidwira kuzimitsa. Kudikira kukanachedwetsa mayesowo ndi tsiku limodzi kapena awiri, mwinanso mpaka nthawi ina yozimitsa riyakita. Pambuyo pa ngoziyo mariyakita a RBMK otsala anasinthidwa: yureniyamu wake anawonjezeredwa mphamvu kuchoka pa 2 peresenti kufika pa 2.4, munaikidwa zomeza manyutuloni zokhazikika, ndodo zinakonzedwa kuti zisawonjezerenso mphamvu polowa, ndipo chiwerengero cha ndodo zoyenera kukhala mkati chinakwezedwa kupitirira 40.